Kujambula Chikumbukiro cha Chitetezo: Njira Yofotokozera Katemera pa Tchati cha Zilankhulo Ziwiri

Mayi wina wa ku Senga Bay anafunsa mwana wa sukulu ya unamwino amene ndinkamuyang'anira pa sikelo ya amayi oyembekezera kuti, "Anesi, paja mwezi wathawu munandibaya. Nanga lero mukundibayiranjinso? Mankhwala aja atha kale m'thupimu?" Wophunzirayo anayankha mwaulemu ndithu kuti, "Eya mayi, atha, ndiye tikuwonjezera." Mayiwo anapita atakhutira, koma yankholo linali lolakwika. Chondidabwitsa n'chakuti mtsikana yemweyo anali atakhoza bwino mayeso a phunziroli m'Chingerezi. Mawu onse ankawadziwa. Atangofunsidwa m'Chichewa, zinaoneka kuti m'mutu mwake katemera anali ngati panado, womwa n'kudikira kuti asuluke.

Cholinga cha tchati chimene tipange pano n'kuchotsa maganizo amenewo. Katemerayo satengadi nthawi m'thupi, koma si chifukwa chake timabayanso. Chimene chimatsala ndi maselo a munthu mwini amene aphunzira. Tigwiritsa ntchito katemera wa kafumbata, uja walembedwa Td pa botolo ndi m'buku la kuchipatala, chifukwa nkhani yake ndi yowongoka, komanso kuno kumene anthu amalasidwa ndi mbedza kunyanja ndi kutemeka ndi zikwakwa m'minda ya mpunga ku Lifuwu, palibe wophunzira amene angati matendawa ndi a m'buku chabe.

Zofunika kukhala nazo

Mapepala aakulu awiri a tchati, kapena bolodi logawidwa pakati.
Zolembera zamitundu inayi: chakuda, chobiriwira, chofiira ndi chabuluu. Muzitseka mukangolemba, kutentha kwa Salima mu Okutobala kumaziumitsa phunziro lisanathe.
Rula ndi pensulo.
Buku lanu la m'kalasi, loti mukoperemo mawu a Chingerezi monga alembedwera.
Buku la kuchipatala la mayi ndi la mwana, zosalembedwamo dzina la munthu.
Munthu mmodzi amene sanaphunzire zachipatala, woti mudzamuwerengetse pamapeto. Mlonda kapena wokonza m'chipatala amathandiza kwambiri.

Gawo 1: Gwirizanani mawu musanajambule kalikonse

Apa ndi pamene anthu ambiri amaphonyera, ndipo amaphonya asanagwire n'cholembera chomwe. M'Chichewa cha tsiku ndi tsiku liwu loti "chitetezo" limanyamula zonse, ndipo "asilikali a m'thupi" amaimira chilichonse chimene chimamenya matenda. Pocheza ndi odwala zimenezo zilibe vuto. Pa tchati cha ophunzira zimasokoneza, chifukwa phunziro lonse lagona pa kusiyanitsa zinthu zimene mawu awiriwa amaziphatikiza.

Lembani m'mbali mwa pepala loyamba mayina asanu okha, ndipo musawasinthe mpaka kumapeto. Antijeni ndi chizindikiro chimene thupi limachiona kuti n'chachilendo. Antibodi ndi puloteni yoyandama m'magazi imene imakakamira antijeni ya mtundu umodzi. Selo ya pulazima ndi selo imene imapanga ma antibodi. Selo yokumbukira ya B ndi selo imene yaphunzira koma yangokhala chete. Selo yothandiza ya T, ija ya CD4 imene ophunzira amaidziwa kale kuchokera ku kiliniki ya ma ARV, ndi imene imapereka chilolezo kuti selo ya B iyambe ntchito.

Chenjezo: antibodi si selo. Musaijambule ndi maso, mkondo kapena chipewa cha msilikali. Ilibe moyo, sibereka, sikumbukira. Ijambuleni ngati chilembo Y chaching'ono basi.

Gawo 2: Jambulani ulendo wochoka pa mkono kupita ku mwanabere

Pa pepala loyamba jambulani mkono kuyambira paphewa, ndi kadontho pa mnofu wa kumtunda pamene pabayidwa mamililita 0.5. Kenako jambulani chozungulira chachikulu kukhwapa. Uyu ndi mwanabere, ndipo atenge theka la pepala lonse chifukwa ntchito yeniyeni imachitikira mmenemo. Ophunzira amakonda kujambula jakisoni wamkulu ngati mpope n'kuiwala mwanabere, ndiye chithunzi chimanena kuti katemera amapita m'magazi n'kukachita yekha ntchito.

Ikani manambala motsatira ulendowu, kuyambira 1 mpaka 6.

Pa 1 pali chimene chabayidwa. Mu katemera wa kafumbata mulibe kachilombo, kamoyo kapena kakufa. Muli poizoni amene bakiteriya wa kafumbata amatulutsa, koma wasukulutsidwa ndi mankhwala kotero kuti maonekedwe ake atsala, ululu wake wachoka. Amamusakaniza ndi mchere wa aluminiyamu umene umadzidzimutsa thupi pamalopo kuti liitane maselo. Kutupa pang'ono ndi kuwawa kwa mkono kwa tsiku limodzi kapena awiri kumachokera apa.

Pa 2 selo yotola, imene buku limaitcha dendiritiki, imameza antijeni n'kuyenda nayo m'timitsempha ta madzi a m'thupi mpaka kukafika ku mwanabere.

Pa 3 selo yotolayo imaonetsa tizidutswa ta antijeni kwa maselo a T. Mwa maselo a T ochulukawo, ochepa kwambiri ndi amene amagwirizana ndi kachidutswako, ndipo amenewo ndi amene amadzuka n'kuyamba kugawikana. Pa 4 selo ya B imene nayo yagwira antijeni yomweyo imakumana ndi selo ya T yodzukayo n'kulandira chilolezo.

Pa 5 chedwanipo. Jambulani kachozungulira kena m'kati mwa mwanabere. Muno maselo a B amaberekana mothamanga, ndipo pa kugawikana kulikonse kachigwiriro kawo kamasintha pang'ono. Amene kachigwiriro kawo kakugwira antijeni mwamphamvu amapulumuka, ofooka amafa. Ntchito yosankhayi imatenga masabata angapo. Muno ndi momwenso maselo ambiri amakhazikika pa kupanga antibodi wa mtundu wa IgG m'malo mwa wa IgM imene anayamba nayo.

Pa 6 tulutsani mivi iwiri, osati umodzi. Muvi wobiriwira upite ku fupa: awa ndi maselo a pulazima okhalitsa amene amakakhala m'mafuta a m'mafupa, n'kumatulutsa antibodi pang'onopang'ono kwa zaka zambiri ngakhale antijeni itatha kalekale. Muvi wabuluu upite ku magazi ndi anabere ena: awa ndi maselo okumbukira a B ndi a T, amene satulutsa kanthu mpaka atakumananso ndi antijeni ija. Wophunzira akajambula muvi umodzi, dziwani kuti sanamve.

Fanizo limene limandigwirira ntchito ndi la woumba njerwa. Ulendo woyamba alibe chikombole, ayenera kufuna thabwa, kuyeza, kukhoma, kuyesa, kukonzanso, ndipo njerwa zoyamba zimatuluka mochedwa, zina zopindika. Ulendo wachiwiri chikombole chili kale kuseri kwa nyumba, amangoponda dothi. Njerwa ndiye ma antibodi, amene akuumba panopa ndi maselo a pulazima, amene asunga chikombole ndi maselo okumbukira. Fanizoli lili ndi polekezera, ndipo muwauze ophunzira: chikombole cha thabwa sichiswana, pamene maselo okumbukira amachuluka ndi kunoleka nthawi iliyonse akaitanidwa.

Gawo 3: Konzani mizere ya girafu

Pa pepala lachiwiri, mzere wogona ukhale wa nthawi. Lembani tsiku 0, tsiku 7, tsiku 14, tsiku 28, kenako dulani mzerewo ndi timizere tiwiri topendekeka n'kupitiriza ndi miyezi 7. Kudulako n'kofunika. Mukapanda kudula, sabata ndi mwezi zimaoneka zotalika mofanana.

Mzere woima ukhale wa kuchuluka kwa antibodi m'magazi, ndipo masitepe ake akhale 0.01, 0.1, 1 ndi 10, muyeso wake IU/ml, otalikirana mofanana. Sitepe iliyonse ndi kuchulukitsa ka 10, osati kuwonjezera 1. Afunseni ophunzira kuti kuchoka pa 0.1 kufika pa 10 ndi kuwirikiza kangati. Ambiri amati kawiri. Yankho ndi ka 100.

Jambulani mzere wofiira wamadonthomadontho wogona pa 0.1. Uwu ndi malire amene ma labotale ambiri amatenga ngati chitetezo chokwanira ku kafumbata akamayeza ndi njira ya ELISA. Mabuku ena amaika 0.01 chifukwa amanena za njira ina yoyezera, choncho lembani njirayo pambali pa mzere kuti pasakhale mkangano.

Gawo 4: Jambulani yankho loyamba, ndipo musalikometse

Tiyerekeze mayi woyembekezera amene sanalandirepo katemera wa kafumbata chibadwire. Ikani muvi pa tsiku 0 n'kulemba Td1. Kwa pafupifupi sabata yathunthu mzere ugone pansi phee. Iyi ndi nthawi imene maselo akufunafunana m'mwanabere muja. Kenako IgM ikwere pang'ono ndi cholembera chakuda n'kutsikanso msanga. IgG, yobiriwira, iyambe mochedwerapo, ikwere modekha m'masabata otsatira.

Chenjezo: dzanja limafuna kujambula phiri lokongola lodutsa mzere wofiira. Likanizeni. Mwa munthu amene sanabayidwepo, Td1 payekha sapereka chitetezo chodalirika. Mzere wobiriwira ukhale pansi pa malire kapena kungowakhudza. Ntchito ya Td1 ndi kusema chikombole.

Gawo 5: Jambulani yankho lachiwiri ndi lachitatu

Ikani muvi wa Td2 pa tsiku 28, chifukwa pakati pa awiriwa payenera kudutsa masabata osachepera 4. Tsopano mzere usagone sabata yathunthu. M'masiku ochepa IgG ikwere mwachangu, idutse mzere wofiira n'kupitirira, pamene IgM ingotukuka pang'ono. Apa ndi pamene mayi uja wayamba kutetezedwa, pafupifupi masabata awiri atabayidwa, n'chifukwa chake timafuna kuti Td2 abayidwe kusanatsale masabata awiri kuti achire.

Kenako mzerewo utsike pang'onopang'ono mpaka pa muvi wa Td3, amene amabwera patadutsa miyezi yosachepera 6. Apa phiri likhale lalitali kuposa onse, ndipo kutsika kwake kukhale kogona kwambiri. Miyezi 6 ija sinaikidwe mwamwambo chabe. Maselo okumbukira a B amafuna miyezi 4 mpaka 6 kuti akhwime bwino, ndipo ukawaitana atakhwima amapereka yankho lamphamvu ndi lokhalitsa. N'chifukwa chake Td3 amateteza zaka zosachepera 5, Td4 wobayidwa patatha chaka amafikitsa ku zaka 10, ndipo Td5 patatha chaka china amakwanira zaka zonse zobereka.

Tsopano wonjezerani mzere umene mabuku ambiri sauika, wabuluu, woimira kuchuluka kwa maselo okumbukira. Ulibe muyeso pa mzere woima uja, ndiye lembani pambali kuti ukungoonetsa kayendedwe. Ukwere ngati masitepe a khonde pa Td1, Td2 ndi Td3, ndipo usatsike pamene wobiriwira akutsika. Mizere iwiriyi ikamasiyana njira, wophunzira amaona yekha kuti antibodi kuchepa si thupi kuiwala. Apa ndi pamene pachokera lamulo loti mayi amene wachedwa kubwera, ngakhale ndi chaka, sitimuyambitsanso pa Td1. Timapitiriza pamene analekera.

Wophunzira wochenjera amafunsa: "Nanga aphunzitsi, ngati thupi likukumbukira, tikuvutikiranji kuwonjezera?" Yankho lili pa liwiro. Maselo okumbukira amafuna masiku angapo kuti adzuke ndi kupanga antibodi wokwanira. Poizoni wa kafumbata ndi waukali kwambiri moti kachepe kake kamadwalitsa, ndipo akangolowa m'mitsempha ya ubongo antibodi samufikiranso. Amayenera kukumana ndi antibodi amene ali kale m'magazi. Kachepe komweko n'kosakwanira kuphunzitsa thupi, motero munthu amene wadwala kafumbata n'kuchira amafunikabe katemera.

Gawo 6: Onjezani kabokosi ka mwana

M'munsi mwa girafu jambulani kabokosi kakang'ono. IgG ya mayi imawoloka kudzera mu nsengwa kupita kwa mwana, makamaka m'miyezi itatu yomaliza, ndipo ndi imene imamuteteza ku kafumbata wolowera pa mchombo. Maselo okumbukira sawoloka. Mwanayo walandira njerwa popanda chikombole.

Apatseni ophunzira masamu awa. IgG imachepa ndi theka pa masiku pafupifupi 21 aliwonse. Tiyerekeze kuti mwana wabadwa ndi 1.6 IU/ml. Pa masiku 21 watsala ndi 0.8, pa 42 ndi 0.4, pa 63 ndi 0.2, pa 84 ndi 0.1. Masiku 84 ndi masabata 12. Atsegulitseni buku la mwana aone kuti katemera wa Penta, amene mulinso wa kafumbata, amabayidwa pa masabata 6, 10 ndi 14. Cholowa cha mayi chikamatha, mwana amakhala akusema chikombole chake. Nambala ya 1.6 ndangoisankha kuti igawike bwino, ana amabadwa ndi milingo yosiyanasiyana.

Gawo 7: Lembani mawu a pansi pa zithunzi

Nambala iliyonse ikhale ndi mizere iwiri. Pamwamba Chichewa, ndi cholembera chakuda, chiganizo chathunthu chokhala ndi mneni. Pansi pake Chingerezi, ndi chabuluu, chachifupi, chokhala ndi dzina lenileni lokopedwa m'buku chilembo ndi chilembo, popeza ndi limene adzakumane nalo pa mayeso. Mizere iwiriyi isakhale yomasulirana liwu ndi liwu. Wa Chichewa unene chimene chikuchitika, wa Chingerezi upereke dzina la chinthucho. Zilembo monga IgG, IgM, CD4 ndi Td zikhale chimodzimodzi m'mizere yonse.

Yambani ndi Chichewa nthawi zonse. Mukayamba ndi Chingerezi mumatulutsa zinthu ngati "kuyankha kwa chitetezo kwachiwiri", zimene palibe amazimva. Mizere ya Chichewa imene ndimagwiritsa ntchito ndi iyi:

1. Poizoni wosukulutsidwa wabayidwa mu mnofu. Sangadwalitse kafumbata.
2. Selo yotola yameza antijeni, ikupita nayo ku mwanabere.
3. Selo ya T yogwirizana ndi antijeniyi yadzuka, ikuchulukana.
4. Selo ya B yalandira chilolezo kwa selo ya T.
5. Maselo a B akupikisana. Ogwira mwamphamvu ndi amene akutsala.
6. Ena akakhala m'mafupa kupanga antibodi, ena akudikira kuitanidwanso.

Pa girafu, pansi pa phiri loyamba: "Thupi likuphunzira. Antibodi ndi wochedwa ndiponso wochepa." Pansi pa lachiwiri: "Thupi lazindikira. Antibodi wafulumira, wachuluka, akugwira mwamphamvu."

Gawo 8: Yesani tchaticho pa munthu

Phimbani mizere ya Chingerezi ndi pepala, muitane munthu uja wosaphunzira zachipatala awerenge Chichewa chokha, kenako akufotokozereni m'mawu ake. Ine pa tchati changa choyamba ndinalemba pa nambala 1 kuti "poizoni wofooka". Bambo amene anawerenga anakweza maso n'kunena kuti, "Ndiye kuti mumatibaya poizoni, kungoti wapang'ono?" Ndinafufuta pomwepo. Kenako phimbani Chichewa, wophunzira awerenge dzina la Chingerezi n'kulifotokoza m'Chichewa osayang'ana. Amene waloweza chabe amakakamira apa.

Zolakwika zimene zimabwerabwera

Chachikulu ndi kutenga girafu ya kafumbata n'kuipachika pa katemera aliyense. Katemera wa chikuku, MR, ali ndi vairasi yamoyo yofooketsedwa imene imaswana m'thupi kwa masiku angapo, ndipo akagwira kamodzi nthawi zambiri amasiya chikumbukiro cha moyo wonse. Wachiwiri wa pa miyezi 15 cholinga chake chachikulu si kukweza phiri, koma kupeza ana amene woyamba sanawagwire. Pa miyezi 9, ana pafupifupi 85 mwa 100 ndi amene amagwira. Mwa otsalawo, ena amakhala akadali ndi antibodi wa mayi amene amapha vairasi ya katemerayo isanaphunzitse thupi. Pa miyezi 15 antibodi uja watha, ndipo mwa ana 15 aja pafupifupi 14 amagwira. Chithunzi choyenera apa si girafu, ndi timitu ta ana 100 m'mizere, 15 titasiyidwa osapaka mtundu. Amene anaona mliri wa chikuku wa mu 2010 kuno ku Malawi amadziwa chimene chimachitika ana osagwira ndi osabayidwa akaunjikana chaka ndi chaka.

China ndi kulemba "tizilombo tofooka" pa katemera aliyense. Mawuwa ndi oona pa BCG, pa MR ndi pa madontho a poliyo. Pa Td ndi bodza.

Ophunzira amaiwalanso kuti mayi wa pa girafu yathu ndi wongoyerekeza. Atsikana ambiri amene akubwera ku sikelo lero anabayidwa katatu ali makanda, motero jakisoni amene timalemba kuti Td1 amadzutsa maselo amene anaphunzira kalekale, ndipo mzere wawo umakwera ngati phiri lachiwiri. Timawalemba Td1 chifukwa buku laukhanda nthawi zambiri linatayika, osati chifukwa thupi likuyamba kumene.

Palinso kujambula ngati katemera aliyense wobayidwa wagwira ntchito. Td amasungidwa pa madigiri 2 mpaka 8, ndipo kuno timaopa kutentha mpaka kuiwala kuti chimene chimamuwononga msanga ndi kuundana. Botolo likagundana ndi ayezi wouma gwa m'bokosi lonyamulira popita ku sikelo ya kumudzi, aluminiyamu uja amaumbika timibulu ndipo mphamvu yake sibwereranso ngakhale asungunuke. Poyeza, umitsani dala botolo lina la gulu lomwelo mpaka ligwire ayezi, lisungunuke, kenako khutchumulani awiriwo pamodzi n'kuwaimika moyandikana poyera. Ngati lokayikiridwalo likudikha msanga mofanana ndi louma dala lija, kapena kuposa pamenepo, musabaye nalo munthu. Pa tchati ikani kamtanda kofiira pa nambala 1 ndi mawu oti: "Katemera woundana safika nayo ntchito pa nambala 2."

Chomaliza ndi kuchotsa selo ya T pa chithunzi pofuna kusunga malo. Popanda nambala 3 ndi 4 palibe nambala 5, ndipo popanda nambala 5 palibe maselo okumbukira okhwima. Wophunzira amene wasiya selo ya CD4 pa pepala sadzatha kufotokoza chifukwa chake munthu amene CD4 yake yatsika kwambiri amapanga antibodi wochepa ndi wosakhalitsa akabayidwa katemera yemweyo amene mnzake wagwira bwinobwino.